Gemu ndi yomweyo, koma pa foni yotsika mtengo ikudukiza: mafunso ndi mayankho

Dandaulo ili silitha. Anthu awiri akhala moyandikana, akusewera gemu imodzi, pa Wi-Fi imodzi. Kwa uyu zinthu zikuyenda myaa, kwa mnzakeyo chithunzi chikungoima n'kudumpha, ndipo pomwe aziti aombere mdani amapeza kuti wagwetsedwa kale. Ena amati foni ikufiliza, ena amati ikujama, ena amangoloza chala netiweki. Vuto la mawu amenewa n'lakuti amaphimba matenda angapo osiyana, ndipo mankhwala a nthenda ina sagwira pa inzake. Mutha kutsitsa zithunzi mpaka gemu kunyansa, koma ngati chikukuvutani ndi netiweki, palibe chisinthe.

Choncho musanakhudze chilichonse, dzifunseni kuti kudukizako kukuyamba liti ndipo kukuoneka bwanji. Nkhani ino yasanjidwa motsatira yankho la funso limenelo. Ndikunena makamaka za mafoni a Android ndi magemu olemera aja oti munthu amayendayenda m'dziko lalikulu akulimbana ndi anzake pa intaneti.

## Kodi foni ikamadukiza, m'kati mukuchitika chiyani?

Zimene mumaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zoima zosinthana mofulumira, zomwe timati mafulemu. Kanema amabwera mafulemu ake atajambulidwa kale, foni imangoonetsa. Gemu siitero: fulemu iliyonse foni imaijambula pomwepo, malinga ndi kumene mwaloza. N'chifukwa chake foni yomwe imaonetsa kanema bwinobwino imatha kulephera gemu.

Sikirini ya 60 Hz imafuna chithunzi chatsopano maulendo 60 pa sekondi. Mukagawa sekondi imodzi ndi 60, fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 okha. M'kanthawi kameneko CPU, yomwe ndi ubongo wa foni, iwerengetse pamene pali aliyense ndi chimene chagunda chinzake, kenako GPU, gawo lokonza zithunzi, ijambule zonsezo. Zikatha nthawi isanakwane, maso amaona zosalala. Zikachedwa ngakhale pang'ono, sikirini siidikira, imabwereza chithunzi chakale, ndipo fulemu ija imakhala pamaso panu mamilisekondi 33.3. Kudukiza kumene mukuona n'kumeneko.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Maso amadana kwambiri ndi kusinthasintha kuposa kuchepa kwa mafulemu. Foni yotulutsa mafulemu 45 pa sikirini ya 60 Hz imaonetsa awiri mwachangu, lachitatu n'kuchedwa, mobwerezabwereza. Foni yokhazikika pa 30 imaonetsa fulemu iliyonse kwa nthawi yofanana. Nambala 45 ndi yaikulu, koma m'manja 30 yokhazikikayo imakoma kuposa.

## Ndiyambire pati kufufuza?

Mayeso atatu awa satenga nthawi yaitali, ndipo amakuuzani mutu woti muwerenge m'munsimu.

1. Zimitsani foni n'kuiyatsanso, ichotseni pa tchaja, isiyeni izizire, kenako tsegulani gemu yokhayo. Onani ngati ikudukiza m'mphindi ziwiri zoyambirira.
2. Ngati gemuyo ili ndi malo ophunzirira kapena gawo losafuna intaneti, lowani kumeneko. Kukakhala kosalala uko koma n'kumavuta mukakumana ndi anthu, kayikirani netiweki kapena CPU.
3. Sewerani mphindi 20 osaima, n'kumagwira kumbuyo kwa foni pafupi ndi kamera, pomwe nthawi zambiri pamakhala chipu, kachipangizo kamene muli CPU ndi GPU. Onani ngati kudukiza kukubwera limodzi ndi kutentha.

Gemu ikakhala ndi poyatsira nambala ya FPS, kutanthauza mafulemu pa sekondi, ndi ya Ping, kutanthauza mamilisekondi amene uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu n'kubwerako, yatsani zonse ziwiri. FPS ikamagwa, vuto lili m'foni. Ping ikamakwera FPS ili chiimire, vuto lili panjira ya intaneti.

## Chizindikiro choyamba: ikudukiza kuyambira pomwe ndalowa, foni ili yozizira

1. Zithunzi zaikidwa pamwamba kuposa mphamvu ya GPU. Ichi ndiye chofala. Magemu ambiri amayesa kuzindikira foni n'kudzisankhira mlingo, koma amaphonya, ndipo eni mafoni nawo amakweza okha ataona kukongola kwa pa foni ya mnzawo.

Kuyesa kwake: m'gemu, yang'anitsani pansi kapena kukhoma, kenako tembenukirani kumene kuli mitengo, utsi ndi nyumba zambiri. Ngati kuyang'ana pansi kukusalaza zinthu, GPU ndiye yalemedwa.

Kukonza kwake, sinthani chimodzi pa nthawi, motsatana chonchi:

- Ikani malire a mafulemu pa 30.
- Zimitsani Shadows, chifukwa mithunzi imakakamiza GPU kujambulanso malo omwewo kuchokera kumene kukuchokera kuwala.
- Zimitsani Anti-aliasing, ndi zokometsera monga Bloom ndi Reflections.
- Tsitsani Resolution kapena Render scale ngati ilipo.

Chomalizachi chili ndi mphamvu kuposa momwe chimaonekera. Chithunzi cha 1080 x 2400 chili ndi timadontho 2,592,000, pamene cha 720 x 1600 chili ndi 1,152,000. Choyambacho ndi ntchito yochuluka kuwirikiza kawiri ndi kota. N'chifukwa chake foni yotsika mtengo imene anaipatsa sikirini yakuthwa koma chipu yofooka nthawi zina imavutika kuposa inzake ya chipu yomweyo ndi sikirini ya 720.

2. Battery Saver ndi yoyaka. Pa mafoni ambiri imachepetsa liwiro la chipu dala, ndipo imatha kudziyatsa yokha batire likatsika. Izimitseni. Ngati foni ili ndi pulogalamu yakeyake yoyang'anira magemu, onaninso kuti siinaikidwe pa kusunga batire.

3. CPU ndiye yofooka. Mudziwa chifukwa mwatsitsa zithunzi zonse koma palibe chasintha, ndipo kudukiza kumakula pamene anthu, magalimoto ndi zipolopolo zachuluka malo amodzi. Apa chothandiza n'chochepa: tsitsani View distance ngati ilipo, khalani pa mafulemu 30, sankhani mabwalo aang'ono a osewera ochepa, ndipo musajambule sikirini mukusewera.

4. Sikirini ndi gemu sizikugwirizana. Mafoni ambiri otsika mtengo masiku ano ali ndi sikirini ya 90 Hz. Nambala 30 ndi 45 zimalowa bwino mu 90, koma 60 siilowa. Ngati gemu ili pa 60 ndipo foni yakakamira pa 90 Hz, pitani ku Display, pa Refresh rate, muike 60 Hz. Musaganizenso kuti sikirini ya 90 Hz ndiye kuti gemu ituluka mafulemu 90. Sikirini imangoonetsa zimene chipu yakwanitsa kujambula.

## Koma yanganso analemba Octa-core. Ikusiyana pati ndi ya mnzangayo?

Mawu amenewo amangonena kuti CPU ili ndi mitu 8 yogwira ntchito, sanena kuti mituyo ndi yamphamvu bwanji. Pali mitu yaing'ono yosunga batire, monga Cortex-A53 ndi Cortex-A55, ndiye pali ikuluikulu monga Cortex-A75, A76 ndi A78. Gemu siigawa ntchito yake mofanana kwa mitu yonse. Ntchito yolemetsa imagwera pa mutu umodzi kapena iwiri, ndipo liwiro la mutu umenewo ndi limene limalamula.

Taonani chipu zitatu za MediaTek, zonse za mitu 8. Helio G35 ili ndi mitu ya Cortex-A53 yokhayokha, palibe waukulu ndi umodzi womwe, ndipo GPU yake ndi PowerVR GE8320. Helio G85 ili ndi iwiri ya Cortex-A75 ndi 6 ya Cortex-A55, GPU yake Mali-G52 MC2. Helio G99 ili ndi iwiri ya Cortex-A76 ndi 6 ya Cortex-A55, GPU yake Mali-G57 MC2. Pa bokosi zonsezi zitha kulembedwa mofanana, koma m'gemu G35 ndi G99 sizingayendere limodzi. Kanambala kakumapeto, MC2 kapena MP2, kamanena kuti GPU ili ndi zigawo ziwiri zojambulira. Mafoni apamwamba ogwiritsa Mali amakhala nazo 10 kapena kuposa.

Ndiye pofananitsa mafoni, funsani dzina lenileni la chipu. Nambala ya GHz payokha imanamiza, chifukwa mutu waung'ono wothamanga pa 2.3 GHz umagonja kwa waukulu wothamanga pa 2.0 GHz.

## Chizindikiro chachiwiri: imayamba bwino, pakapita mphindi 10 kapena 20 n'kuyamba kudukiza

Uku n'kutentha, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, poti amaona ndi maso awo kuti foni imakwanitsa. Imakwanitsadi, koma kwa kanthawi. Mafoni ambiri alibe fani. Kutentha konse kwa chipu kumayenera kutulukira m'thupi la foniyo, ndipo kukachuluka foni imadzichepetsera liwiro kuti iteteze chipu, batire ndi dzanja lanu. Sikuti yaonongeka, inapangidwa kuti izitero.

Foni yapamwamba nayonso imatentha n'kudzibweza. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo gemu yomweyo imaiyendetsa ndi gawo chabe la mphamvu zake, ndiye ngakhale itadzibweza imakhalabe ndi zokwanira. Yotsika mtengo imakhala ikuthamanga ndi mphamvu zonse kuyambira pachiyambi, moti ikangobwerera pang'ono mafulemu amagwa. Zapamwamba zambiri zilinso ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi timadzi m'kati, komwaza kutentha m'foni monse, pamene zotsika mtengo zambiri zimangodalira kapepala ka girafaiti ndi chimango cha foni.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Kusewera foni ili pa tchaja. Batire limatentha likamalandira moto, chipu nayo ikutentha, zonse m'kabokosi kamodzi. Tchajani kaye, chotsani, dikirani pang'ono, kenako sewerani. Mafoni ena ali ndi Bypass charging, imene imapereka moto wa tchaja ku foni mosadzaza batire. Ngati yanu ili nayo, iyatseni.

2. Kava yokhuthala, kapena foni yagonekedwa pa pilo ndi bulangete. Vulani kava posewera.

3. Mafulemu aikidwa pamwamba. Pa 60 chipu imajambula zithunzi zochuluka kawiri kuposa pa 30, ndipo ilibe mpata wopuma pakati pa fulemu ndi inzake. Kuika 30 kuyambira pachiyambi n'kwabwino kuposa kusangalala ndi 60 kwa mphindi 10 kenako n'kumadukiza mpaka mpikisano kutha.

4. Sikirini yowala kwambiri, dzuwa, kapena netiweki yofooka. Sikirini imatulutsa kutentha kwake. Netiweki ikakhala yakutali, foni imawonjezera mphamvu yotumizira uthenga, n'kumatenthanso. Hotspot yoyaka imachita chimodzimodzi.

Amene ali ndi kompyuta ndipo amadziwa kuyatsa USB debugging atha kuona kutenthaku m'manambala:

```
adb shell dumpsys battery
adb shell dumpsys thermalservice
```

Lamulo loyamba limatulutsa mzere ngati `temperature: 412`, kutanthauza madigiri 41.2 pa batire. Lachiwiri, pa Android 10 kupita mtsogolo, limaonetsa `Thermal Status`, kuyambira 0 pamene zonse zili bwino mpaka 6 pamene foni ikudzizimitsa. Mafoni ena amangoonetsa 0 nthawi zonse ngakhale akudzibweza, choncho nambala ya batire ija ndiye yodalirika poyerekeza poyamba ndi pomaliza.

Chenjezo limodzi: musaike foni yotentha mu filiji. Chinyezi chimatha kuundana m'kati n'kuononga zimene kutentha sikukanaononga. Kamphepo ka fani wamba n'kokwanira.

## Chizindikiro chachitatu: imayenda bwino, n'kuima kamphindi ndikalowa malo atsopano, nthawi zina gemu n'kudzitseka

Apa nkhani ndi ya RAM ndi malo osungira zinthu. RAM ndi pamene foni imayala zimene ikugwiritsa ntchito pakali pano. Malo osungira ndi kumene gemu yonse imakhala. Dziko la m'gemu silingakwane lonse mu RAM, ndiye mukamayenda foni imakhala ikutenga zigawo zatsopano kosungira, n'kumataya zakale. Chigawo chikachedwa kufika, gemu imaima kudikira.

1. RAM yachepa. Pa foni ya 3 GB kapena 4 GB, Android yenyeyo ndi mapulogalamu a kampani yopanga foni zimakhala zitadya kale gawo lalikulu, ndipo GPU ilibe RAM yakeyake, imagawana yomweyo. Zizindikiro zake n'zosabisika: mukatuluka kukayankha uthenga, pobwerera gemu ikuyambiranso pachiyambi, kapena nyimbo zimene mumamvera zimangozima zokha. Android ikapanikizika imatseka mapulogalamu akumbuyo, zikafika poipa imatseka ndi gemu yomwe.

Kuti muone, pitani ku About phone, dinani Build number maulendo 7, ndipo mutsegukirwa Developer options. Mmenemo, pa Running services kapena Memory, muona RAM yotsala. Musasinthe zina zimene simukuzidziwa. Kukonza kwake: yatsaninso foni musanasewere, chotsani mapulogalamu amene simugwiritsa ntchito koma amakhala maso kumbuyo, tsitsani Texture quality, ndipo musatsitse zowonjezera za HD zimene gemu imakunyengererani.

2. Malo osungira ndi ochedwa, kapena adzaza. Mafoni ambiri otsika mtengo amagwiritsa eMMC 5.1, imene malire ake ndi 400 MB pa sekondi ndipo siitha kuwerenga ndi kulemba nthawi imodzi. Apamwamba amagwiritsa UFS, imene imachita zonse ziwiri pamodzi, ndipo UFS 3.1 ndi 4.0 zimathamanga maulendo angapo kuposa pamenepo. Ndiye pa eMMC, Play Store ikayamba kuika apudeti kumbuyo, kapena zithunzi zikamatsitsidwa, gemu imaima pamzere. Zimitsani Auto-update apps, ndipo siyani malo opanda kanthu, ine ndimati osachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a malo onse. Ngati munasamutsira gemu ku khadi ya microSD, ibwezereni m'foni.

3. Gemu ikukonza timalangizo ta GPU koyamba. Chinthu chikaoneka koyamba, kaya ndi kuphulika kwa mtundu wina kapena chovala chatsopano, foni imayamba yamasulira malangizo ojambulira chinthucho kuti GPU yake iwamve, kenako n'kuwasunga. CPU yofooka imatenga nthawi pa ntchito imeneyi. Mudziwa chifukwa kudukizako kumachuluka mutangoika gemu kapena itangolandira apudeti, n'kumachepa mukasewera maulendo angapo. Mankhwala ake n'kupirira basi. Ndipo apa ndi pamene chizolowezi chodina Clear cache tsiku lililonse chimapweteka, chifukwa pa magemu ena mumakhala mukutaya zimene foni inavutikira kukonza.

## Bokosi linalemba 4 GB + 4 GB. Si 8 GB imeneyo?

Ayi. Inayi yachiwiriyo, imene imatchedwa RAM Plus, Memory Fusion kapena Memory extension malinga ndi kampani, si RAM yeniyeni yowonjezera. Pa mafoni ambiri ndi malo obwerekedwa kosungira kochedwa kuja. Imathandiza kuti mapulogalamu akumbuyo asamatsekedwe msanga, koma gemu imene ili pamaso panu imafuna RAM yeniyeni. Yesani kuizimitsa, muyatsenso foni, musewere malo omwewo. Mukaona kusintha isiyeni yozima, mukapanda kuona palibe chimene mwataya.

## Chizindikiro chachinayi: chithunzi chili bwino, koma anthu akudumphadumpha, ine ndikubwezedwa m'mbuyo

Tembenuzani kamera uku ndi uku. Ngati ikuzungulira mosalala pamene adani akungotulukira apa ndi apo, kapena mwaombera koma chipolopolo sichinawerengedwe, chipu ilibe mlandu. Uthenga pakati pa foni ndi seva ukuchedwa kapena ukutayika panjira. Gemu siifuna intaneti yothamanga kwambiri, imafuna yosasinthasintha: Ping yokhazikika pa 80 imaseweka kuposa yovina pakati pa 40 ndi 300.

Nanga bwanji mnzanu pa Wi-Fi yomweyo sakuvutika?

1. Mwina simuli pa njira imodzi. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Mafoni ena otsika mtengo amangomva 2.4 GHz, komwe kumadzaza ndi marauta a oyandikana nawo. Dinani dzina la Wi-Fi muone pa Frequency. Ngati yanu imatha 5 GHz, lowani kumeneko n'kukhala pafupi ndi rauta.
2. Bluetooth. Nayonso imayenda pa 2.4 GHz. Yesani kuchotsa zomvera za Bluetooth, mugwiritse za waya.
3. Manja anu. Foni mukaigwira chopingasa, zikhatho zimatha kuphimba pomwe pali eriyo. Itembenuzeni mbali inayo muone Ping.
4. Pulogalamu ina ikutumiza zithunzi kapena kutsitsa zinthu kumbuyo, kapena VPN ndi yoyaka. Imitsani.
5. Seva yakutali. Onani ngati nonse awiri mwasankha dera limodzi m'gemu.

## Gemu inkayenda bwino chaka chatha pa foni yomweyi. Yakalamba?

Chipu siifooka ndi ukalamba mwa njira yoti mungaione m'gemu. Chimene chimasintha ndi katundu amene mukuisenzetsa. Magemu a pa intaneti amanenepa ndi apudeti iliyonse, malo osungira amadzaza, mapulogalamu akumbuyo amachuluka. Onaninso zoikika za zithunzi, chifukwa apudeti ina imazibwezera pamwamba osakuuzani. Batire lokha ndiye limakalambadi, ndipo lotopa limatha kuzimitsa foni mwadzidzidzi pamene gemu yafuna mphamvu zambiri, ngakhale likuonetsa kuti moto ulipo.

## Chitsanzo: foni ya mng'ono wanga

Anabwera nayo atakwiya, akuti aigulitsa. Ndi ya mitu iwiri ikuluikulu ndi 6 yaing'ono, RAM 4 GB, malo osungira 64 GB a eMMC, sikirini ya 720 x 1600. Iye ankati vuto ndi netiweki. Ndinamupempha asewere momwe amasewerera masiku onse, ine ndikungoyang'ana. Anaibaya pa tchaja, kava ili pomwepo, mafulemu ali pa 60, zithunzi pa mlingo wapakati.

Mphindi zoyambirira FPS inkasewera pakati pa 45 ndi 55, Ping osasuntha kwenikweni. Pamenepo nkhani ya netiweki inathera pomwepo. Komanso zinaonetsa kuti ngakhale ili yozizira foniyo siikwanitsa 60, moti kagwedegwede kena kanalipo kale, iye anangokazolowera. Patapita pafupifupi kota la ola, kumbuyo kunatentha koti chala n'kumachimva, FPS n'kuyamba kugwera m'ma 20. Ndiye panali matenda awiri, loyamba likudyetsa lachiwiri.

Tinaichotsa pa tchaja, kuvula kava, kuisiya izizire, n'kuika mafulemu pa 30 osakhudza china. Inakhazikika pa 30, koma utsi ukachuluka inkatsikabe. Tinazimitsa Shadows, kutsikako kunatha. Chinatsala ndi kuima kwa kamphindi akamalowa m'tauni ya m'gemumo pa galimoto. Titayang'ana ku Storage tinapeza kwatsala malo osakwana 2 GB, ndipo Play Store inali ndi mndandanda wa maapudeti odikira. Anasamutsa makanema, tinazimitsa Auto-update apps, kuimako kunachepa kwambiri koma sikunatheretu. Kotsalako ndi malire a eMMC ndi RAM ya 4 GB, ndipo ndinamuuza mosabisa kuti pamenepo palibe batani lokonza.

Anadandaula tsiku loyamba kuti 30 ikuoneka yolemera poyerekeza ndi ya mnzake. Zoona, ndipo chala chimayankhidwa mochedwerapo pang'ono. Koma mpikisano umatha mphindi 25 foni ikuchita chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo foniyo sanaigulitse.

## Nanga mapulogalamu aja olonjeza kuthamangitsa magemu?

Ambiri amangotseka mapulogalamu akumbuyo, amene Android imawayatsanso pakapita kanthawi, CPU n'kutayanso mphamvu pa ntchito imeneyo. Iwo eni amakhala mu RAM n'kumaonetsa zotsatsa malonda. Palibe pulogalamu ingawonjezere zigawo za GPU. Ena amasintha mafayilo a gemu kuti atsegule mafulemu amene gemu inatsekera foni yanu. Amenewo ndi oopsa kawiri: foni imatentha msanga, ndipo eni magemu ambiri a mpikisano amaletsa kusintha mafayilo, moti akaunti yanu itha kutsekedwa. Chida cha magemu chobwera ndi foni ndiye chilibe vuto, makamaka poletsa mauthenga kutulukira pakati pa nkhondo.

## Ndisiye liti, n'kupita kwa wokonza mafoni?

Zimitsani foni, musaitchajenso, ndipo pitani nayo kwa katswiri mukaona chimodzi mwa izi:

- Chivundikiro chakumbuyo chatukuka, sikirini yayamba kunyamuka m'mbali, kapena foni ikugwedera mukaiika pa tebulo. Batire lafufuma. Musalipanikize kapena kulibaya, litha kuyaka.
- Pakumveka fungo lachilendo ngati la mankhwala, kapena polowera tchaja pada ndi kupsa.
- Ikutentha koti simungaigwire pamene simukuchita nayo chilichonse.

Izi zina si zadzidzidzi, komabe si zokonza nokha:

- Ikuzima yokha pakati pa gemu moto ulipo, kapena moto ukugwa kuchoka pa 40 kufika pa 10 m'kamphindi.
- Mizere kapena mabanga amitundu akuoneka ngakhale kunja kwa gemu.
- Sikirini ikudzidina yokha kapena mbali ina siikumva chala. Yambani mwayesa kuchotsa tchaja ndi galasi lotetezera, poti tchaja yosakhala bwino imachititsanso zimenezi.
- Foni yonse ikuima, mafayilo akusowa kapena kukana kutseguka, ngakhale mutachita Factory reset. Mwina malo osungira akufa. Koperani zithunzi ndi manambala anu lero lomwe.

Ngati foni ikadali pa waranti, pitani kumene waranti imagwira ntchito, chifukwa ikatsegulidwa kwina itha kuthera pomwepo. Musanaisiye, sungani zinthu zanu pena ndipo onetsetsani kuti gemu ndi yolumikizidwa ku akaunti, osati ya Guest, kuti zimene munapeza zisapite foni ikafufutidwa. Ndipo wina akakuuzani kuti akufulashirani foni kuti gemu izithamanga, mufunseni kaye kuti wapeza vuto lanji. Kufulasha kumathandiza pamene mapulogalamu a foni aonongeka, koma foni yoti ikungodukiza m'gemu yolemera yokha, kwina konse ili bwinobwino, ibwerako ndi chipu yomwe ija, zithunzi zanu zitafufutika.